Kalata ya amalume ndi ngongole ya ku yunivesite

Kalata yoitana mwana ku yunivesite ya kunja ikafika pakhomo, nthungululu zimayamba anthu asanawerenge tsamba lachiwiri. Patsamba lachiwiri ndi pomwe pali funso lovuta: adzalipira ndani? Yunivesite imafuna munthu kapena bungwe lilembe kalata yotsimikiza kuti lasenza fizi ya wophunzirayo pamodzi ndi ndalama za nyumba, chakudya ndi mayendedwe. Kwathu kuno yankho silichedwa: amalume alipo, ali ndi bizinesi, alemba. Koma kwa mwana wopita ku Britain, kalata ya amalume ingathe kukhala pepala lopanda ntchito, ngakhale amalumewo ali ndi ndalama zodzaza nkhokwe.

Chifukwa chake n'chakuti kalatayi imawerengedwa ndi maofesi awiri osiyana maganizo. Ofesi ya zachuma ya pa yunivesite imafuna kudziwa komwe itumize invoisi. A zolowa ndi kutuluka, amene amapereka viza, amafuna umboni woti ndalamazo zilipodi, ndiponso kuti zili m'manja mwa munthu amene malamulo awo amamuzindikira. Pa viza ya ophunzira, ndalama ziyenera kukhala mu akaunti ya wophunzira mwini, ya kholo lake, kapena ya amene khoti lidamuika kukhala womulera. Amalume, azakhali, achimwene ndi abusa mulibe m'gululi. Kwa ife amene tidakula tikudziwa kuti mwini mbumba ndiye amalume, lamuloli limamveka lachilendo, koma wogwira ntchito pa ofesi ya viza sayang'ana mwambo wa ku Dedza.

Ena amene kalata yawo imalandiridwa popanda sitetimenti ya ku banki ndi amene malamulo amawatcha othandiza ovomerezeka: boma la Britain, boma la kwawo kwa wophunzira, British Council, bungwe kapena kampani yogwira ntchito m'maiko angapo, kapenanso yunivesite. Kampani ya malole ya amalume, yomwe ofesi yake ili ku Limbe kokha, siilowa m'gulu limeneli.

Tiyerekeze mtsikana wapeza malo a digiri ya masitazi ya chaka chimodzi pa yunivesite ya kunja kwa London. Fizi ndi mapaundi 16,000, ndipo banja lalipirako kale 4,000 yogwirira malo. Yunivesite imupatsa nambala yotchedwa CAS, yomwe imasonyeza fizi yonse ndi zimene zalipidwa. Zotsala ndi 12,000. Pamwamba pake pakubwera ndalama zokhalira, zomwe boma la Britain limaika lokha. Mu Januwale 2025 lidaika mapaundi 1,136 pamwezi kwa wophunzira wa kunja kwa London ndi 1,483 kwa wa mu London, kuwerengera miyezi isanu ndi inayi. Chiwerengerochi chimakwezedwa nthawi ndi nthawi, choncho wolemba kalata aone chimene chikugwira ntchito tsiku lomwelo. Pa mlingo wa mu Januwalewo, mtsikanayu afunika mapaundi 10,224 okhalira. Zonse pamodzi ndi 22,224.

Ndalama zimenezi ziyenera kugona mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza la sitetimenti lisapitirire masiku 31 kufika tsiku lopempha viza. Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Bambo amatapako pang'ono kuti agule feteleza, mawa lake n'kubwezeramo, poganiza kuti palibe chalakwika. Tsiku limodzi limenelo limafafaniza masiku onse, kuwerenga kumayambiranso.

Ndiye amalume achite chiyani? Njira yowongoka ndi kusamutsa ndalamazo kupita ku akaunti ya mtsikanayo kapena ya mayi ake, masiku 28 asanayambe kuwerengedwa. Ngati zili mu akaunti ya mayi, mayiwo ndi amene alembe kalata yovomereza kuti mwana wawo agwiritse ntchito ndalamazo, ndipo aphatikizepo setifiketi ya kubadwa yosonyeza ubale wawo. Amalume alembe yawo yofotokoza kuti ndalamazo ndi mphatso, isungidwe limodzi ndi risiti ya ku banki, chifukwa mamiliyoni otulukira mwadzidzidzi mu akaunti ya mphunzitsi wa pulayimale amadzutsa mafunso.

Kalata yeniyeniyo ndi yaifupi, tsamba limodzi lakwana. Yabungwe ilembedwe papepala la chizindikiro cha bungwelo, ikhale ndi deti, dzina la wophunzira monga lilili mu pasipoti, nambala yake ya pa yunivesite, dzina la maphunziro, nthawi imene thandizo liyambire ndi kuthera, adiresi yotumizako invoisi, ndi siginecha ya munthu amene ali ndi mphamvu zolonjeza ndalama za bungwelo. Pakatikati pa zonsezi pali chiganizo chimodzi chomwe chimanyamula kalata yonse: chinene kuti wothandizayo alipira fizi yonse ndi zokhalira zonse, kapena chitchule ndalama zenizeni. Mawu oti "tidzamuthandiza pa zofunika zake" ndi aulemu, koma sauza wina aliyense kanthu. Ndipo ngati bungwe lalonjeza fizi yokha, wophunzira asonyezabe yekha mapaundi 10,224 aja.

Pali msampha wina umene Mmalawi aliyense ayenera kuudziwa, wa mtundu wa ndalama zolembedwa m'kalatamo. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bwana amene adasayina kuti apereka K20 miliyoni adali atalonjeza madola pafupifupi 16,900. M'mawa mwake ndalama yomweyo idali madola osafika 11,800. Bwanayo sadaphwanye lonjezo, koma mwana adatsala ndi dzenje la madola oposa 5,000. Kalata yolembedwa m'mapaundi imaika mtolo umenewo pamutu pa wothandiza, yolembedwa m'makwacha imauika pamutu pa wophunzira. Ineyo ndimaona kuti nkhaniyi ikambidwe poyera pa mkeka kalata isanasayinidwe, ngakhale kuti kufunsa wokuthandiza funso lotere kumaoneka ngati chipongwe. Onjezanipo kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki athu: makwacha angakhale alipo, koma kuwasandutsa mapaundi kungatenge nthawi imene tsiku lolipira fizi silidikira.

Chimene ophunzira ambiri sadziwa n'chakuti kalatayi siwachotsera ngongole. Polembetsa, wophunzira amavomera malamulo a yunivesite, ndipo m'mayunivesite ambiri a ku Britain muli ndime yoti wothandiza akalephera kulipira, ngongoleyo imabwerera kwa wophunzira. Ambiri sawerengeranso wachibale ngati wothandiza: mwana wolipiriridwa ndi amalume amalembedwa kuti akudzilipirira yekha, ndipo makalata okumbutsa ngongole amapita kwa iye. Yunivesite siingavutike kukasumira munthu wa ku Blantyre pamene mwini ngongole ali m'kalasi mwawo.

Zinthu zikayamba kupendekeka, zizindikiro zimabwera motsatizana. Imelo yokumbutsa imafika, kenaka yachiwiri yaukali. Kenaka akaunti ya pa kompyuta imatsekedwa, laibulale osalowamo, zotsatira za mayeso osaziona. Pomaliza wophunzira amachotsedwa, yunivesite imadziwitsa Home Office, ndipo viza imadulidwa, kawirikawiri n'kumusiyira masiku 60 oti apeze sukulu ina kapena abwerere kwawo. Ena amadalira ganyu, koma viza imalola maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo malipiro ake amathera ku lendi ndi chakudya. Maofesi a zachuma nthawi zambiri amalola kulipira pang'onopang'ono kwa amene wapita yekha kukanena vuto imelo yoyamba itangofika, akaunti isanatsekedwe.