Ntchito ikatha, funsani chomwe chinachitika musanafunse amene anachita

Usiku wa pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab, yomwe imasungira anthu mapulogalamu a kompyuta, ankakonza seva yomwe inasiya kukopera zinthu kuchokera ku inzake. Maseva anali awiri: db1, yaikulu yomwe makasitomala ankagwiritsa ntchito, ndi db2, yongodikira kuti inzakeyo ikadwala ilowepo. Iye ankafuna kufufuta zonse za mu db2 kuti ikoperenso mwatsopano, koma lamulo lofufutalo analilemba ali mu db1. Anazindikira patangopita masekondi ochepa, koma mwa magigabaiti pafupifupi 300 munali mutatsala osakwana 5. Kampani inakhala maola pafupifupi 18 ikubwezeretsa zinthu, ndipo zomwe makasitomala anaika mu db1 m'maola 6 omaliza zinatayikiratu.

M'maofesi ambiri nkhani ikanathera pa kalata yochenjeza kapena yochotsa ntchito, aliyense n'kumati vuto latha. A GitLab anakhala pansi n'kulondola nkhaniyo kuyambira pachiyambi, ndipo lipoti lawo analitulutsa poyera. Munthu uja amangotchulidwamo kuti katswiri. Funso lomwe anakakamira linali lakuti: zinatheka bwanji kuti chala chimodzi chikaterereka, kampani yonse igwe?

Zomwe anapeza ndi zochititsa manyazi kuposa kulakwitsa kwa munthu mmodzi. Panali njira zingapo zosungira makope a zinthuzo padera, koma tsiku lofunika litafika zinapezeka kuti sizinali zodalirika. Pulogalamu ya pg_dump, yomwe inkayenera kusunga kope tsiku ndi tsiku, inali ya mtundu wakale, 9.2, pomwe nkhokwe yake inali itafika pa 9.6, choncho inkalephera. Ikalephera inkatumiza imelo yodziwitsa anthu, koma maimelowo ankakanidwa m'njira, osafika kwa wina aliyense. Atafunsa chifukwa chomwe makopewo sankayesedwa, yankho linali lakuti panalibe munthu amene anapatsidwa udindowo. Chomwe chinawapulumutsa ndi kope lomwe linatengedwa pamanja tsiku lomwelo pa zifukwa zina.

Akanamuchotsa ntchito katswiriyo, pg_dump ikanapitiriza kulephera mwakachetechete, kudikira wina wodzalakwitsa mawa. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chounikira ntchito popanda kuloza chala. Si chifundo ayi. Amene anali pafupi kwambiri ndi ngoziyo ndiye amadziwa zambiri, ndipo akamva fungo la mlandu amatseka pakamwa, kapena amafotokoza nkhani yodzitchinjiriza. Ofufuza ngozi za ndege anazindikira izi kale: malamulo a bungwe la ICAO amanena kuti cholinga cha kafukufuku wawo ndi kupewa ngozi ina, osati kugamula wolakwa. M'zipatala zathu namonso, akamaunika imfa ya mayi woyembekezera, mfundo yake ndi yomweyi, yosatchula dzina ndi yosadzudzula munthu, ngakhale kuitsatira pamaso pa akuluakulu si chinthu chapafupi.

Njira yomweyi imagwira pa ntchito iliyonse yomwe yatha, kaya ndi kumanga chipinda chophunzirira, kukumba mjigo kapena kukonza msonkhano waukulu wa mpingo. Msonkhano wake uchitike pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri, anthu akadakumbukira, ndipo ola limodzi ndi theka ndi lokwanira. Woutsogolera asakhale amene ankayang'anira ntchitoyo. Tikudziwana: bwana akangoyamba kulankhula, otsatira onse amati “monga anenera abwana,” basi msonkhano wafa. Ndi bwino kuti aang'ono ayambe, wamkulu amalize, ndipo wamkuluyo akhale woyamba kutchula chiganizo chake chomwe sichinabale zabwino.

Asilikali a ku Amereka, amene anakhazikitsa njira yawo younikira ntchito m'zaka za m'ma 1970, amayenda ndi mafunso anayi: tinkafuna kuti chichitike n'chiyani, chinachitika n'chiyani, kusiyanako kunabwera bwanji, ndipo ulendo wina tidzasunga chiyani n'kusintha chiyani. Ambiri amathamangira funso lachitatu, koma ntchito yaikulu ili pa lachiwiri. Musanakambe zifukwa, lembani pabolodi ndondomeko ya zochitika ndi masiku ake, kuchokera m'malisiti, m'maminitsi ndi m'mauthenga a pafoni, osati m'mutu mokha. Ndondomekoyi imathetsa mikangano yambiri isanayambe, chifukwa anthu awiri oona mtima amakumbukira tsiku limodzi mosiyana.

Pali msampha womwe umakola ngakhale anthu abwino. Zinthu zikawonongeka kale, chilichonse chimaoneka chodziwikiratu, ndiye timayamba kunena kuti “mukanafunsa kaye” kapena “munayenera kudziwa.” Mawu ngati amenewa amafotokoza zomwe sizinachitike, ndipo saphunzitsa kanthu. Wotsogolera akawamva awabweze mofatsa, afunse kuti: pa nthawiyo munkaona chiyani, munkadziwa chiyani, chinkakuthamangitsani n'chiyani? Katswiri wa GitLab uja ankagwira ntchito usiku, atalimbana ndi vutolo kwa maola, pa maseva awiri osiyana nambala imodzi yokha. Mwa zomwe anasintha pambuyo pake ndi kaonekedwe ka pomwe amalembapo malamulo, kuti munthu aziona msanga seva yomwe alimo.

Tiyerekeze komiti yomwe yamaliza chipinda chophunzirira mochedwa ndi miyezi iwiri. Mlembi akhoza kulemba kuti msungichuma anachedwa kugula simenti. Chiganizo chimenecho chili ndi wolakwa koma chilibe phunziro. Mukafunsa bwino mwina mupeza kuti cheke chinkafuna anthu atatu osayina, mmodzi anali atapita kumaliro kutali, panalibe wolowa m'malo mwake, ndipo pomwe ankabwera mvula inali itadula msewu. Zikatero m'lipoti mulembe kuti ndalama zinachedwa masabata atatu chifukwa osayina analibe wogwirizira, komanso kuti dongosolo la ntchito silinaganizire nyengo ya dzinja. Msungichuma yemweyo tsopano akhala woyamba kupereka maganizo, chifukwa palibe chomwe akudziteteza nacho. Zomwe zinayenda bwino zifunsidwenso chimodzimodzi, makamaka zomwe zinayenda mwamwayi, ngati kope lija lotengedwa pamanja. Mwayi suyenera kulembedwa ngati luso.

Ena amati kusaloza chala ndi kulekerera. Pali malire ake. Ngati matumba a simenti anagulitsidwa mwachinyengo, kapena wina ananama dala m'malisiti, nkhaniyo ipite kwa oyenera kuiweruza, pa msonkhano wina. Choipa kwambiri ndi kusakaniza ziwirizi: kulonjeza anthu kuti alankhule momasuka, kenako n'kutenga mawu awo kukawakhaulitsira nawo pa nthawi yokweza malipiro. Mukachita zimenezi kamodzi, simudzamvanso zoona pamalopo.

Mayina ali ndi malo amodzi m'lipoti, pa zoti zichitike. Phunziro lakuti “tizilumikizana bwino” ndi mphepo chabe, palibe angaliyeze. Lolembedwa bwino limati wakutiwakuti akawonjezera wosayina wachinayi kubanki pofika tsiku lakuti. Mfundo zitatu kapena zinayi zotere zimaposa makumi awiri zopanda mwini, ndipo a GitLab mwa zofunika zomwe anagwirizana chinali kupereka kwa munthu wodziwika udindo woyesa makope aja.

Ngati mukufuna kudziwa ngati kuunika kwanu kukupindula, onani zinthu ziwiri. Kodi pali amene ananena chinthu chomwe akanatha kubisa? Nanga vuto lomwe mwalemba chaka chino silili kale m'lipoti la chaka chatha? Likapezekamo, ndiye kuti malipoti anu akungodzaza kabati. Musanabalalike pa msonkhano, ikani tsiku lodzaona ngati zomwe mwagwirizana zachitika, ndipo ntchito yotsatira ikamayamba, chinthu choyamba pa ajenda chikhale kuwerenga lipoti la ntchito yapitayo.