MAWU AMODZI, MATANTHAUZO AWIRI: KUSANKHA CHICHEWA CHOYENERA M'MADARASA ATHU

Ife a kunyanja tinakula tikumva mawu monga swala, duwa ndi zakaati kuchokera pamsana pa amayi athu. Ku Nkhotakota, kumene ma Jumbe anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ngakhale munthu amene si Msilamu amadziwa kuti swala n'chiyani. Koma ambiri mwa abale athu anakwera mapiri kukachita malonda kapena kugwira ntchito ku Mponela, ku Madisi, ku Malomo ndi pa boma la Ntchisi. Ana awo akukulira pakati pa anzawo a Chichewa chenicheni, ndipo mawu a chipembedzo amene amamva tsiku ndi tsiku ndi a kutchalitchi ndi a miyambo ya makolo.

Izi zili ndi mbiri yake. Mishoni ya Mvera, m'boma la Dowa, inayamba mu 1889, ndipo ya Kongwe inatsatira mu 1894. Kumeneko ku Mvera, W. H. Murray ndi anzake anagwira gawo lalikulu la ntchito yomasulira Baibulo limene linatuluka mu 1922, lotchedwa Buku Lopatulika. Kuyambira pamenepo mawu monga pemphero, chakhumi ndi Mzimu Woyera akhala ndi tanthauzo lokhazikika m'makutu mwa anthu a kuderali. Mwalimu wa madarasa akawabwereka, amabwereka pamodzi ndi katundu amene mawuwo asenza. Nchifukwa chake tikufuna kukambirana m'mene tingakonzere kabuku ka matanthauzo a mawu ka m'kalasi mosasokoneza ana.

Mizere inayi ndi mayeso amodzi

Tengani kope ndipo tsamba lililonse muligawe mizere inayi. Mu mzere woyamba lembani liwu la Chiarabu monga timalitchulira. Mu wachiwiri lembani malo awiri kapena atatu a m'Kurani kapena m'hadisi pamene liwulo likupezeka, chifukwa liwu limodzi silikhala ndi tanthauzo limodzi paliponse. Mu wachitatu lembani mawu onse a Chichewa amene angaimire liwulo. Mu wachinayi lembani chimene liwulo silitanthauza. Mzere wachinayiwu ndi umene aphunzitsi ambiri amauiwala, chikhalirecho ndi umene umateteza mwana.

Mukatha apo, yesani mawu anu. Itanani mwana amene sanaphunzirepo phunzirolo, mumuuze liwu la Chichewa lokha, ndipo mumufunse kuti, "Kodi mawu amenewa unawamva kuti, ndipo amachita zimenezi ndani?" Yankho lake lidzakuuzani chithunzi chimene chili m'mutu mwake. Chikagwirizana ndi chiphunzitso, liwulo lapambana. Chikasiyana pang'ono, liwulo lifunika kuwonjezeredwa mawu ena. Chikasiyana kwambiri, sungani liwu la Chiarabu ndi kulifotokoza m'chiganizo chathunthu. Safunsa anadya phula, ndipo pano wofunsidwayo ndi mwana.

Swala ndi duwa: pemphero limodzi silikwanira

Tiyambe ndi chitsanzo chapafupi. Tikalemba kuti swala ndi pemphero, ndiponso kuti duwa ndi pemphero, taphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Swala ili ndi nthawi zake zisanu patsiku, imafuna kutawaza, kuyang'ana ku Kibula, ndi chiwerengero chodziwika cha marakaa: awiri m'bandakucha, anayi masana, anayi madzulo, atatu dzuwa litalowa ndi anayi usiku. Duwa ndi kupempha kwa Allah m'chinenero chilichonse, nthawi iliyonse, ngakhale uli m'munda ndi khasu m'manja.

Cholakwikacho chimaoneka msanga. Mayi afunsa mwana kuti, "Kodi wapemphera?" Mwana ayankha kuti inde, ndipo sakunama, chifukwa anakweza manja asanagone. Koma swala ya usiku sanaswali. Choncho m'kope lathu swala ikhale swala, ndi mneni wake woti kuswali, umene Asilamu a m'Malawi anaupanga kale. Duwa tingailembe kuti "pempho kwa Allah". Mu mzere wachinayi tilembe kuti duwa silowa m'malo mwa swala.

Zakaati si chakhumi, koma chenjerani

Mwana wa ku Kongwe kapena ku Mvera akamva za chopereka chokakamizidwa, amaganiza za chakhumi. Mwalimu wofulumira akhoza kulemba kuti zakaati ndi chakhumi cha Asilamu. Vuto ndi lakuti liwu la chakhumi lili ndi masamu m'kati mwake, ndipo masamuwo ndi olakwika pa ndalama. Zakaati ya ndalama ndi katundu wa malonda ndi gawo limodzi mwa magawo 40, kutanthauza K25 pa K1,000 iliyonse. Imaperekedwa chumacho chikafika pa mlingo wotchedwa nisabu, umene umawerengedwa pa mtengo wa magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva, ndiponso chikakhala ndi mwini wake chaka chathunthu cha mwezi. Wamalonda amene wasunga K20,000,000 yopitirira nisabu apereka K500,000, osati K2,000,000.

Koma tisalembe kuti chakhumi mulibe m'Chisilamu, chifukwa pa zokolola chilipo. Mlimi wa ku Ntchisi amene wakolola matumba 20 a chimanga olemera makilogalamu 50 lililonse, m'munda wodalira mvula, wapitirira nisabu ya mbewu, imene ndi makilogalamu oposa pang'ono 600. Iye apereka gawo limodzi mwa khumi, ndiwo matumba awiri. Akadakolola chimanga chomwecho kudimba, pothirira ndi khama lake kapena ndi pampu, akadapereka theka lake, thumba limodzi. Ndiye m'kope tilembe zakaati kuti "gawo loikika la chuma limene Allah analamula kuti liperekedwe kwa magulu asanu ndi atatu otchulidwa mu Sura 9, ndime 60", ndipo pansi pake tiike milingo iwiriyi.

Liwu la sadaka nalo lili ndi msampha, ngakhale kuti ndi lathu lomwe. M'midzi yambiri ya kwathu munthu akati "tikupita kusadaka", amanena za chakudya chimene chimaphikidwa pokumbukira malemu. M'mabuku a chiphunzitso, sadaka ndi chopereka chilichonse chaufulu chofunira chiyanjo cha Allah. Apa tikuphunzira kuti kusunga liwu la Chiarabu sikutha vuto pakokha. Liwu lobwereka nalo limasintha likakhala nthawi yaitali pakati pa anthu, ndipo liyenera kudutsa pa mayeso omwe aja.

Ruhu ndi mzimu: chitsanzo chathunthu

Tsopano tiyende ndi liwu lovuta koposa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mu mzere woyamba tilemba ruhu. Mu wachiwiri tipeza ntchito zitatu. Mu Sura 32, ndime 9, ruhu ndi chimene Allah anauzira mwa munthu kuti akhale wamoyo, ndipo Sura 17, ndime 85, imatiuza kuti za ruhu tinapatsidwa nzeru yochepa chabe. Mu Sura 16, ndime 102, Ruhul Kudusi ndi amene anatsitsa Kurani, ndipo omasulira Kurani amati ameneyu ndi mngelo Jibulilu. Mu Sura 42, ndime 52, liwu lomwelo likunena za chivumbulutso. Mu mzere wachitatu, liwu limene libwera msanga ndi mzimu, ndipo ena angawonjezere moyo ndi mpweya.

Tikamufunsa mwana wa m'mapiriwa za mzimu, mayankho ake amakhala awiri. Mwina anena za mizimu ya makolo, imene mwa mwambo wa Achewa imayendera amoyo kumaloto, imakwiya ikaiwalidwa, ndipo imathiridwa nsembe ya ufa kapena mowa. Kapena anena za Mzimu Woyera, umene anzake a Chikhristu amaukhulupirira kuti ndi mmodzi mwa Utatu wa Mulungu. Anansi athu akulankhula zoona za chikhulupiriro chawo, ndipo mawuwo ndi awo. Koma zithunzi zonse ziwirizi si zimene mwalimu akufuna kuphunzitsa.

Choncho liwu limodzi la ruhu lidzafuna malo atatu m'kope. Pa tanthauzo loyamba tingasunge mzimu, koma ndi mawu owonjezera: "mzimu wa munthu, cholengedwa cha Allah chimene chimapatsa thupi moyo ndi kuchotsedwa pa imfa". Mu mzere wachinayi tilembe kuti sapembedzedwa, sapemphedwa mvula, ndipo ukachoka umakhala mu barazaki, pakati pa imfa ndi kuuka, monga ikusonyezera Sura 23, ndime 100. Mawu a moyo ndi mpweya tiwasiye, chifukwa moyo umatha pa imfa pamene ruhu siitha, ndipo mpweya mwana amaudziwa kuti ndi wa m'tayala la njinga.

Pa tanthauzo lachiwiri tisamasulire liwu ndi liwu. Ruhu ndi mzimu, kudusi ndi kuyera, koma tikaphatikiza ziwirizi tituluka ndi dzina limene lili kale ndi mwini wake. Tilembe kuti "Ruhul Kudusi: dzina la mngelo Jibulilu, wolengedwa, wotumidwa ndi Allah". Pa tanthauzo lachitatu tilembe chivumbulutso, mzimu osautchula n'komwe. Njira yodziwira ngati phunziro lalowa ndi kufunsa patatha sabata kuti, "Kodi Ruhul Kudusi analengedwa kapena sanalengedwe?" Mwana akazengereza, ndiye kuti tanthauzo la kunja likadali m'mutu mwake.

Asanalembe ana, aone akulu

Kope likatha, lisapite m'kalasi lisanaonedwe ndi anthu awiri: shehe wodziwa Chiarabu, ndi munthu wamkulu wobadwira kuderalo, wodziwa Chichewa cha pamudzi. Woyamba adzaona ngati tanthauzo lili loona, wachiwiri adzamva ngati liwu lanyamula katundu wobisika. Mabuku awiri athandizanso: Kurani yomasuliridwa m'Chichewa ndi Shehe Khalid Ibrahim, kuti mawu a m'kalasi asatalikirane ndi amene ana adzawerenge akakula, ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, kuti tione tanthauzo limene anthu onse amalidziwa. Liwu likasankhidwa, aphunzitsi onse a pa madarasapo aligwiritse ntchito mofanana, ndipo mawu khumi pa teremu ndi okwanira.

Inu makolo a kunyanja amene ana kapena adzukulu anu ali kumtunda, akabwera patchuthi musangowamvetsera akulakatula Sura. Afunseni m'Chichewa kuti swala isiyana bwanji ndi duwa, ndiponso kuti Ruhul Kudusi ndani. Mukamva yankho lokhota, likonzeni pomwepo mofatsa, ndipo mukadziwitse mwalimu wawo kuti akawonjezere mu mzere wachinayi uja. Allah atiwonjezere kuzindikira.