Kalata yopempha sitetimenti ya chidindo: masiku ndiwo mutu wa nkhani

Wopempha viza akauzidwa kuti abweretse umboni wa ndalama, ambiri amathamangira kubanki n'kungonena pawindo kuti "ndikufuna sitetimenti." Wapawindo amasindikiza imene ili pafupi, mwina ya mwezi wathawu, ndipo munthu amatuluka ali wokondwa. Vuto limadzaonekera ku ofesi ya viza, ndalama zofunsira zitalipidwa kale. Kulemba kalata kumateteza ku zimenezi, chifukwa kumauza banki pepala lenileni limene mukufuna, la masiku ati, ndiponso lotsimikizidwa motani.

Titenge chitsanzo cha mtsikana amene wapeza malo pa yunivesite ya ku Britain, ndipo bambo ake ndiwo amulipirire. Malamulo a viza ya ophunzira m'dzikolo amafuna kuti ndalama za fizi ndi zodyera zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana, osatsika pa mlingo wofunika ngakhale tsiku limodzi. Komanso tsiku lomaliza la pa sitetimenti lisapitirire masiku 31 pofika tsiku lotumiza pempho la viza. Ngati sitetimenti ikuthera pa 5 Julayi, iyenera kuonetsa ndalamazo zili zokwanira kuyambira pa 8 Juni. Mtsikanayo akatumiza pempho pa 20 Julayi, zili bwino. Akachedwa mpaka pakati pa Ogasiti, pepalalo latha ntchito, ngakhale ndalama zikadalimo zonse.

N'chifukwa chake kalatayo imalembedwa mutadziwa kale tsiku limene mudzatumize pempho. Wolemba ndi bambowo, popeza banki siipereka zinsinsi za akaunti kwa munthu wina, ngakhale mwana wobereka yekha. Kalata imapita kwa manijala wa nthambi imene akaunti inatsegulidwa, ndipo kawirikawiri imalembedwa m'Chingerezi, mwachidule. Bambowo alembe dzina lawo monga lilili ku banki, nambala ya akaunti, ndi tsiku loyambira ndi lothera sitetimenti. Mawu oti "miyezi yapitayi" sathandiza, chifukwa aliyense amawamva mwa iye yekha. Anenenso kuti pepalalo likupita ku ofesi ya viza, choncho likhale pa pepala la dzina ndi chizindikiro cha banki, ndipo tsamba lililonse lidindidwe ndi kusainidwa ndi wogwira ntchito wovomerezeka. Pomaliza alole banki kudula mtengo wa ntchitoyi mu akaunti, asaine siginecha imene banki imaidziwa, ndipo apite ndi chitupa chawo cha unzika. Ngati atuma munthu kukatenga, dzina lake ndi nambala ya chitupa chake zilembedwe m'kalatamo.

Sitetimenti ikatuluka, musanyamuke msanga. Khalani pabenchi pomwepo n'kuiwerenga tsamba ndi tsamba. Onani ngati chidindo chili paliponse, chifukwa nthawi zina amadinda tsamba loyamba ndi lomaliza lokha. Onani ngati tsiku la pa chidindo likuwerengeka, ndiponso ngati ndalama zotsala pansi pa tsamba lina ndi zomwezo zoyambira tsamba lotsatira. Zikasiyana, ndiye kuti tsamba lina lasowa. Yang'ananinso dzina. Ngati pa sitetimenti bambo alembedwa mosiyana ndi mmene alili pa setifiketi ya kubadwa ya mwana, wowerenga ku ofesi ya viza sadziwa kuti ndi munthu mmodzi. Setifiketiyo imafunika monga umboni wa ubale, pamodzi ndi kalata ya bambo yovomereza kuti ndalamazo mwana agwiritse ntchito.

Pali chinthu china chimene chidindo sichingakonze. Ndalama za mu akaunti ya makwacha amaziwerengera m'mapaundi pa mtengo wa tsiku lotumiza pempho. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zimene dzulo lake zinali zokwanira zinapezeka zoperewera kwambiri. Ngakhale kusintha kochepa kungagwetse munthu amene anaika ndalama zongokwanira ndendende. Choncho ikani zoposerapo, ndipo pa masiku 28 amenewo musatapemo mpaka kutsika pa mlingo, ngakhale mukudziwa kuti mubweza mawa. Sitetimenti imalemba kutsika kulikonse.

Tizindikirenso malire a chidindo. Banki ikadinda, ikungochitira umboni kuti zolembedwazo n'zimene zilidi m'mabuku ake. Siikunena kuti ndalamazo ndi zanu zenizeni kapena kuti mwazipeza bwanji. Maofesi a viza amatha kufunsa banki kuti atsimikize pepalalo, ndipo amene wapezeka ndi sitetimenti yachinyengo angaletsedwe kulowa ku Britain kwa zaka zofika 10. Anthu olonjeza "kukonza" sitetimenti apeweni ndithu. Ngati mu akaunti mwalowa ndalama zambiri mwadzidzidzi chifukwa mwagulitsa fodya kapena malo, sungani malisiti ndi mapepala ogulitsira, kuti mukafunsidwa kumene zachokera mukhale ndi choonetsa.