Mtengo wa Tomato Ubisala mu Mulu

Munthu wogula ndiwo pa msika wa Ndirande kapena kwa Chinsapo amatha kuona ngati mtengo wa tomato wakhazikika. Lolemba mulu unali K1,000, Lachinayi ukadali K1,000. Koma atawerenga bwino angapeze kuti Lolemba anatenga matimati asanu, pamene Lachinayi wanyamula anayi. Mtengo wakwera ndithu, ndipo mayi wa pabenchi sanatchule nambala yatsopano ngakhale imodzi.

Umu ndi momwe malonda a ndiwo zamasamba amayendera m'misika yambiri ya m'Malawi. Sikelo sapezeka kawirikawiri pa benchi la tomato, ndipo chenje chimavuta. Palibe angagulitse mulu pa K1,170 n'kumafunafuna K30 yobweza kwa aliyense. Choncho mtengo umaima pa ndalama zosavuta kupatsirana, monga K200, K500 ndi K1,000, ndipo chimene chimasuntha tsiku ndi tsiku ndi kukula kwa mulu. Luso lonse la wogulitsa lili pa kudziwa, asanayale katundu m'mawa, kuti lero mu mulu mulowe matimati angati.

Vuto limayambira kopikula. Tomato wambiri wodyedwa m'mizinda amachokera m'madera monga Ntcheu, Dedza ndi Jenda ku Mzimba, ndipo misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 ngati Lizulu ndi yotchuka pa nkhani imeneyi. Nthawi ya chilimwe, madimba akabereka, tomato amasefukira ndipo mtengo umagwa. Mvula ikakhazikika, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi, matenda a masamba amachuluka m'minda, misewu ya kumidzi imaterera, katundu amachepa ndipo chidebe chimakwera. Kusintha kwa nyengo koteroko aliyense amakuyembekezera. Chosautsa ndi kusintha kwa pakati pa sabata. Magalimoto atatu akafika pamodzi ku Wakawaka mu Lilongwe kapena ku Limbe, mtengo umatsika m'mawa womwewo, ndipo mawa lake ikabwera imodzi yokha, opikula amalimbirana. Mafuta akasowa pa mapampu, mtengo wonyamulira katundu umalowanso m'chidebe chomwecho.

Titenge chitsanzo cha mayi amene wapikula chidebe chimodzi cha malita 20. Manambala ali m'munsiwa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino, chifukwa mitengo yeniyeni imasiyana msika ndi msika.

Chidebe wachigula K20,000. Koma si ndalama yokhayo imene yatuluka m'chikwama. Minibasi kapena kabaza wadya K1,500, mnyamata wosenza katundu K500, tikiti ya khonsolo K300, ndipo timapepala tokulungira K700. Pofika pabenchi, chidebe chija chamudyera K23,000. Akachikhuthula n'kuwerenga, apeza matimati 170.

Apa ndi pamene ambiri oyamba kumene geni amagwera. Amatenga K20,000 n'kugawa ndi 170, n'kupeza kuti tomato mmodzi wamugula pafupifupi K118. Akatero amaika anayi pa K500, n'kumaganiza kuti pa aliyense pali kaphindu. Aiwala zinthu ziwiri: ndalama za panjira zija, komanso kuti matimati 170 sadzagulitsidwa onse. Pansi pa chidebe pali ophwanyika ndi obooledwa ndi mbozi, tinene 14. Ena 16 adzatha ndi kubanyira makasitomala, kufewa ndi dzuwa la masana, ndi ochepa opita mu mphika wa kunyumba. Otsala oti abweretse ndalama ndi 140 basi. Pa anayi anayi, imeneyo ndi milu 35, ndipo milu 35 pa K500 ndi K17,500. Katundu atha msanga, benchi likhala ndi anthu tsiku lonse, mayi aweruka ali wokondwa, koma mpamba wadukapo K5,500.

Masamu olondola amayamba ndi K23,000 kugawa ndi 140, zomwe zikupereka pafupifupi K165 pa tomato mmodzi. Pamenepo ndi pa malire: kutsika kuposa apo n'kudya mpamba. Ngati mayiyo akufuna kupita kunyumba ndi K5,000 ya thukuta lake, ayenera kutolera K28,000, kutanthauza K200 pa tomato mmodzi, kapena asanu pa K1,000.

Wodziwa ntchito saima pamenepo. Amasankha katundu m'magulu, chifukwa tomato wamkulu wosalala ndi kakang'ono kokwinyika sangakhale mtengo umodzi. Pa 140 aja, tinene kuti 40 ndi akuluakulu, ndipo awaika anayi pa K1,000, kupeza K10,000. Apakati 70 apita asanu pa K1,000, kupeza K14,000. Ang'onoang'ono 30 akhala atatu pa K500, kupeza K5,000. Zonse pamodzi ndi K29,000, ndipo phindu lafika K6,000. Ang'onoang'onowo angobweza ndalama yawo popanda phindu lenileni, koma ali ndi ntchito yawo: amagwira munthu amene ali ndi K500 yokha m'manja kuti asadutse kupita pa benchi la mnzake. Akuluakulu aja ndi amene amanyamula tsiku.

Tsopano kwacha, ndipo chidebe chomwe chija chili pa K26,000. Kuphatikiza zolipira za panjira, pakufunika K29,000, ndendende ndalama yonse imene inatoleredwa dzulo. Ngati K6,000 ija inagula ufa ndi sopo usiku, mayiyo afika kopikula ndi K23,000, ndipo chidebe chodzaza sachikwanitsa. Sanabe, sanawononge, masamu ake a dzulo anali olondola, koma geni yake yachepa. N'chifukwa chake ogulitsa okhalitsa amayeza mpamba wawo ndi zidebe osati makwacha. Funso lawo madzulo limakhala lakuti ndalama ili m'manjayi idzadzazanso chidebe mawa kapena ayi. Amene anali pa geni mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, anaona momwe ndalama yooneka yambiri m'chikwama imalepherera kugula katundu yemwe inkagula sabata yapitayo.

Izi zikufotokoza khalidwe lina limene ogula amadandaula nalo. Mbiri ikangomveka masana kuti kopikula kwakwera, milu imachepa nthawi yomweyo, ngakhale katundu ali pabenchi anagulidwa pa mtengo wakale. Wogula amati ndi umbombo. Kwa wolemba uno, nthawi zambiri si umbombo ayi: wogulitsayo akuika mtengo wa chidebe chimene akagule mawa, chifukwa cha dzulo chinapita kale. Pa K29,000 ija, tomato mmodzi akufika K207 asanaikepo phindu, ndipo kuti K5,000 ipezekenso pafunika pafupifupi K243. Mulu wapakati uja uchoka pa asanu kufika pa anayi.

Mtengo ukagwa, mpira umatembenuka. Chidebe chikatsika kufika K14,000, amene apikula m'mawa umenewo ayala milu yonenepa, asanu ndi awiri pa K1,000, ndipo mayi amene watsala ndi theka la katundu wodula alibe kochitira. Sangauze kasitomala kuti iye anagula modula. Kuumirira mtengo wa dzulo n'kudikira kuti katundu awole, ndipo tomato wakupsa sadikira masiku ambiri pa kutentha kwa Okutobala. Chanzeru n'kutsata msika, kutulutsa wakaleyo poyamba, n'kulola phindu la katundu watsopano kukwirira dzenjelo. Apa pali chinthu chosalungama chimene wogulitsa amakhala nacho: mtengo ukakwera ogula amakana mulu wochepa, ukatsika anzake a pamzere amamukakamiza kutsika tsiku lomwelo.

Pamzere pamakhala kamgwirizano kosalembedwa. Amayi khumi ogulitsa tomato moyandikana amakhala ndi milu yofanana, ndipo woika asanu ndi mmodzi pamene onse ali pa asanu amayang'anidwa ndi diso loipa. Mpikisano umasamukira ku zinthu zosaoneka patali: kabanyira koponyedwa m'pepala mwakachetechete, kusankhira kasitomala olimba, kapena kulola wodziwika atenge adzalipire pa malipiro. Kubanyira kumamanga ubale, komatu kuli ndi mtengo wake. Tomato mmodzi woonjezera pa mulu wa asanu watsitsa mtengo kuchoka pa K200 kufika pafupifupi K167, pafupi penipeni ndi malire aja a K165. Wobanyira aliyense amagwira ntchito yaulere, n'chifukwa chake ochenjera amabanyira ndi ang'onoang'ono kapena oyamba kufewa, ndiponso kwa wogula milu ingapo.

Kuchepetsa mulu kulinso ndi polekezera. Mulu wa matimati awiri suoneka ngati mulu, ndipo anthu amangoyang'ana n'kupitirira. Mtengo ukafika poipa chonchi, m'miyezi ya mvula, ogulitsa amasintha njira. Ena amayamba kugulitsa mmodzimmodzi. Ena amagawana chidebe ndi mnzawo kuti asaike mpamba wonse pa katundu woyenda pang'onopang'ono, ngakhale kutero kumapangitsa tikiti ndi thiransipoti kulemera pa tomato aliyense, poti zolipira zimenezi sizichepa chifukwa katundu wachepa. Ena amapikula wosapsetsa wosakaniza ndi wakupsa kuti chidebe chimodzi chitambasuke masiku angapo, ndipo benchi amalidzaza ndi anyezi, amene sachedwa kugulidwa komanso sawola msanga.

Masamba monga mpiru, repu, chayinizi ndi nkhwani amatsata lamulo lomweli, koma mothamanga. Mtolo waukulu wopikula umamasulidwa n'kumangidwa timitolo, ndipo kamtolo kamaonda kapena kunenepa malinga ndi mtengo wa m'mawawo. Kusiyana kwake n'kwakuti masamba ali ndi tsiku limodzi, mwina awiri akamawazidwa madzi n'kukhala pamthunzi. Wogulitsa masamba amafuna kuti mpamba ukhale utabwerera m'manja anthu oweruka ku ntchito asanathe kudutsa, chifukwa kukada timitolo titatu timapita pa mtengo wa tiwiri. Nkhwani wotsala angathe kufutsidwa n'kuyanikidwa, koma mfutso ndi ndalama ya mwezi wina, osati yokapikulira mawa.

Benchi lokha limauza mwini wake ngati mtengo wa tsikulo walakwika. Katundu akatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane pamene anzake akadali nawo, mulu unali waukulu mopitirira. Anthu akamafunsa, kugwiragwira n'kupita kukagula pafupi pomwepo, mulu wachepa kapena katundu wafooka. Ikakwana 4 koloko madzulo theka la chidebe likadalipo, wogulitsa amayamba kuonjezera mmodzi pa mulu, n'kupatula ofewa kuti akawagulitse motsika kwa a malesitilanti ndi ophika nsima pamsika, amene amafuna tomato wa msuzi ndipo maonekedwe alibe nawo ntchito. Ndalama imeneyo imakhala yochepa, mwina theka la mtengo wa m'mawa, ndipo imalowa m'chikwama cha mpamba kuti ikathandize kulipira chidebe cha mawa.