Mzere umodzi pa tsiku: nsenjere ya ng'ombe ya m'khola

Mukadutsa ku Bvumbwe, ku Thyolo kapena ku Chiradzulu m'mamawa, simulephera kukumana ndi munthu atasenza mtolo wa nsenjere, wina atamangirira panjinga mpaka njingayo osaonekanso. Udzuwo ukupita kwa ng'ombe ya mkaka imene situluka m'khola. Kuchokera tsiku limene inabwera, zonse zimene idya zimachita kuipeza pomwepo, ndipo mwini wake akagona tulo, ng'ombeyo igona ndi njala.

Alimi ambiri amanyadira nsenjere ikatalika kuposa munthu. Pamenepo ndiye pamene mkaka umathawira. Nsenjere ikakula, tsinde lake limakhwima ngati bango, masamba am'munsi amauma, ndipo zakudya zomanga thupi zimachepa mpaka kutsala pafupifupi theka la zimene zinalimo udzuwo uli wanthete. Mtolo umalemera ndithu, wosenza n'kumatuluka thukuta, koma ng'ombe imangobudula masamba n'kusiya mapesi. Mukafuna kudziwa ngati mwachedwa kudula, musafunse kutali: suzumirani modyera m'mawa. Mukapezamo zitsotso zambiri zouma, ndowe n'kukhala zolimba, mkaka n'kumatsika pang'onopang'ono ng'ombe isakudwala, mlandu uli kumunda.

Msinkhu wabwino wodulira ndi pamene udzu wafika mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono, tinene m'chiuno mpaka pachifuwa pa munthu wamkulu. M'dzinja zimenezi zimatenga masabata 6 mpaka 8 kuchokera pamene munadula. Kufulumira nakonso n'kolakwika. Udzu wofika m'maondo ndi madzi okhaokha, ng'ombe imatsegula nawo m'mimba, ndipo phata limafooka chifukwa silinapeze mpata wobwezera chakudya kumizu.

Vuto n'lakuti ng'ombe imadya tsiku ndi tsiku, pamene munda wodzalidwa tsiku limodzi umakhwimanso pamodzi. Nzeru yake yagona pa kayalidwe ka mundawo, ndipo ndi masamu oti munthu angawerengere pansi ndi kamtengo.

Tiyerekeze kuti muli ndi ng'ombe imodzi ya mtundu wa Fuliziyani, kapena yosakanizidwa, yolemera makilogalamu 400. Ng'ombe yotereyi imafuna udzu wauwisi wokwana makilogalamu 60 kapena kuyandikira pamenepo pa tsiku. Mwadzala nsenjere motalikitsa mizere masentimita 90, ndipo mapando m'mzeremo mwawatalikitsa masentimita 60. Tinene kuti phata limodzi likukupatsani kilogalamu imodzi mukadula. Pa nthaka ya manyowa limaposa apa, pa nthaka yoguga silifika, choncho ndi bwino kudula mapata khumi, kuwayeza pasikelo, n'kudziwira za munda wanuwanu. Ndiye kuti pa tsiku mufunika mapata 60, umene ndi mzere wotalika mamita 36. Kuti mubwerere pamene munayambira patatha masabata 8, mufunika mizere 56. Munda wake ndi wa mamita 36 mbali ina, mamita 50 mbali inayo, pafupifupi theka la ekala. Lero mudula mzere woyamba, mawa wachiwiri, ndipo tsiku limene mudzamalize wa 56, woyamba uja udzakhala wafikanso m'chiuno. Munda woyendetsedwa chonchi umaoneka ngati masitepe, kuno kwafupika, uko kwatalika. Ngakhale mwana amene mwamutuma sangasochere poti adule.

Koma masamu amenewa ndi a nthawi ya mvula. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kukafika, nsenjere imaima kukula, ndipo pofika Okutobala mzere umene unkadzaza wilibala umangotulutsa kamtolo kokwapatira m'khwapa. N'chifukwa chake alangizi amakonda kunena za ekala yathunthu pa ng'ombe imodzi ndi mwana wake. Theka linalo ndi la chilimwe: udzu wake wa m'dzinja umadulidwa uli pa msinkhu woyenera, kuuduladula, kuuwaza madeya kapena molasesi, n'kuupondereza m'dzenje loyalidwa pulasitiki kuti mpweya usalowe. Kuumitsa nsenjere ngati mmene timachitira ndi udzu wina kumavuta, chifukwa tsinde lake ndi lonenepa, limayamba nkhungu lisanaume. Amene malo ndi ochepa, monga zilili m'madera ambiri a kumwera, amadzala m'malire a munda, m'mbali mwa dimba ndi pa akalozera, pomwe udzuwo umagwiranso nthaka.

Kudzala kwenikweniko si kovuta, n'chimodzimodzi nzimbe. Dikirani mvula ikhazikike. Tengani mapesi okhwima, muwadule kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu, muzike mopendeketsa, mfundo ziwiri pansi, imodzi kumtunda, maso atayang'ana kumwamba. Ena amagawa phata lakale n'kudzala timagulu tokhala ndi mizu. Njira imeneyi imagwira msanga, makamaka kumene kuli chiswe chambiri. Ikani manyowa owolerana paphando, palirani kawiri kapena katatu udzu usanatseke, ndipo pakafa bwezerani msanga. Kudula koyamba kumabwera patatha miyezi itatu kapena inayi. Mbewu musangotola paliponse. Phata lopinimbira, la masamba achikasu, lotulutsa timphukira tambirimbiri tosakula, kapena lotulutsa ngayaye msanga zokhala ndi ufa wakuda, ndi lodwala. Matenda awiriwa asautsa kwambiri alimi a ku Kenya ndi Uganda, ndipo amayenda ndi mbewu. Phata lotero lizuleni ndi mizu yomwe, mulitenthe.

Podula gwiritsani ntchito chikwanje chakuthwa, n'kusiya chitsa cha masentimita 5 mpaka 10, ngati kutalika kwa chala. Chitsa chachitali chimaphukira pamwamba timphukira toonda, phata n'kumaola pakati. Udzuwo musathamangire nawo modyera: usiyeni ufote kaye kwa maola angapo, kapena wodulidwa madzulo udyedwe mawa lake, kenako muuduledule tizidutswa ta masentimita osaposa 5 kuti ng'ombe isasankhe. Ndi ntchito yotopetsa mkono, ndipo ndi imene ambiri amaizemba.

Chimene chimapha minda yambiri m'chaka chachitatu ndi ulendo wa mbali imodzi. Tsiku lililonse makilogalamu 60 amachoka m'munda kupita kukhola, koma wilibala imabwerera yopanda kanthu. Nsenjere ndi yadyera. Ikasowa chakudya masamba amayezuka, amachepa m'lifupi, mapata n'kumatalikirana. Wilibala imene yabweretsa udzu ibwerere ndi ndowe za tsikulo. Kumbani kangalande pakati pa mzere umene mwangodula ndi unzake, thiranimo ndowe zosakanizika ndi mkodzo, n'kukwirira. Mukangozimwaza pamtunda, mphamvu yambiri ya mkodzo imauluka ndi dzuwa. N'chifukwa chake khola la simenti lokhala ndi kadzenje kolandira mkodzo limabweza ndalama zake kudzera kumunda. Feteleza wa Yureya kapena CAN amathandiza, koma pokhapokha nthaka ili yonyowa.

Ngakhale mutachita zonsezi mosaphonya, nsenjere payokha imangokwanitsa kusunga thupi la ng'ombe ndi malita owerengeka a mkaka, kawirikawiri osafika khumi. Ng'ombe yoti ikhoza kupereka malita 15 imafunanso madeya, mchere wa ziweto, madzi osatha m'chomwera, ndi masamba a mbewu za m'gulu la nyemba monga lukina, kaliyandira kapena masangwe a mtedza. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amayoyola ubweya wa ng'ombe.