Kalata yotumiza wodwala shuga amene ali ndi chilonda cha kuphazi: zimene a ku Balaka amafuna kupezamo

Wodwala akachoka pa chipatala chaching'ono cha ku Utale kupita ku chipatala cha boma ku Balaka, amene anamuona koyamba amatsala. Zonse zimene kiliniko ofesa anaona, kuyeza ndi kupereka zimayenda pa pepala limodzi kapena pa tsamba la buku la kuchipatala la wodwalayo. Ngati pepalalo langonena kuti "shuga wakwera, chilonda cha kuphazi, chonde thandizani", wolandira amayambiranso pachiyambi, ndipo pa phazi la munthu wa shuga maola otayika motero angathe kusiyanitsa pakati pa kutsuka chilonda ndi kudula mwendo.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Bambo wa zaka 56, mlimi, wakhala akumwa mankhwala a shuga kwa zaka zinayi. Masabata atatu apitawo anaponda chitsa ali kumunda koma sanamve kupweteka, ndipo anazindikira ataona magazi pa patapata. Lero abwera naye pa njinga, phazi litatupa ndiponso likununkha. Kalata yabwino ya bamboyu, ikamasuliridwa kuchoka m'Chingerezi chimene makalata ambiri amalembedwamo, ingamveke motere:

"Shuga 396 mg/dL pa 9:40 m'mawa, atadya phala. Maketoni mumkodzo ochepa. Thupi 38.4, mtima ukugunda ka 108 pa mphindi, akupuma ka 22, akuyankha bwino. Malungo alibe. Chilonda kunsi kwa phazi lamanzere, patsinde pa chala chachikulu, masentimita 3 mulitali ndi 2 mulifupi, chikutuluka mafinya, kachitsulo koyezera kakugunda fupa. Kufiira ndi kutupa kwafika masentimita 4 kuchokera m'mphepete mwa chilonda, malire ajambulidwa ndi cholembera. Mitsempha ya magazi ikugunda pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo. Mapazi onse awiri sakumva kukhudza."

Nambala ya shuga imafunika kuyenda ndi muyeso wake komanso nthawi. Makina ena amawerenga mu mg/dL, ena mu mmol/L, ndipo kusiyana kwake ndi kuchulukitsa ka 18. Shuga wa bamboyu pa makina a mtundu wachiwiri akanaoneka ngati 22. Wolandira amene anazolowera mg/dL akaona "22" yokhayokha angathe kuganiza kuti shuga watsikiratu, n'kuthamangira kupereka gulukosi kwa munthu amene shuga wake wakwera kale. Makina akalemba HI, alembedwe choncho, chifukwa zikutanthauza kuti shuga wapitirira pamene makinawo amalekezera, nthawi zambiri pa 500 kapena 600 mg/dL. Ngati timapepala toyezera maketoni tatha, kalata inene kuti sanayezedwe, osangosiya malo opanda kanthu, pakuti malo opanda kanthu amawerengedwa ngati "zili bwino".

Chilonda ndicho chimafuna mawu ambiri. Kukula kwa pakamwa pake kumanyenga, chifukwa chilonda cha shuga chimakonda kudya kunsi kwa chikopa chokhuthala pamene pamwamba pakuoneka kabowo kakang'ono. N'chifukwa chake kuya kumayezedwa ndi kachitsulo kosathwa, kophikidwa bwino, kolowetsedwa modekha. Kakagunda chinthu cholimba, chokhakhala, pa chilonda chimene chili ndi mafinya, mpata ndi waukulu woti matenda alowa m'fupa, ndipo a ku Balaka adzadziwa kuti pakufunika kujambula phazi ndi mankhwala a masabata angapo, osati a masiku asanu. Pa mndandanda wa Wagner, umene umayambira 0 mpaka 5, chilonda chotere chili pa 3. Chala chikada n'kufa ndiye pa 4. Komabe nambala ya Wagner isalowe m'malo mwa kufotokoza, popeza anthu awiri sapereka nambala yofanana nthawi zonse.

Kufiira kukapitirira masentimita 2 kuchokera pa chilonda, matenda salinso aang'ono. Pakaonjezeka zizindikiro ziwiri za m'thupi, monga kutentha koposa 38 ndi mtima woposa ka 90 pa mphindi, ndiye kuti afika poopsa, ndipo ulendo ndi wa lero lomwe. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho dzanja limathandiza kuposa diso: malire ndi pamene kutentha ndi kulimba kwa kutupa kukuthera. Mzere wa cholembera wojambulidwa pamenepo, nthawi yake italembedwa, umauza wolandira ngati matenda akwera mwendo pa maola a ulendo. Kugunda kwa mitsempha kukasowa ndipo phazi likazizira, vuto ndi la kayendedwe ka magazi, ndipo chilonda chotere sichiyenera kudulidwadulidwa pa chipatala chaching'ono.

Utale ili ndi mbiri yake pa nkhani ya mapazi osamva. Amishoni a Katolika anasamalira odwala khate kumeneko kwa zaka zambiri, ndipo khate nalo limapha mitsempha ya kumva n'kusiya zilonda za kunsi kwa phazi zofanana kwambiri ndi za shuga. Munthu wachikulire wa m'derali ndi bwino kumufunsa ngati analandirapo mankhwala a khate, yankho lake n'kulowa m'kalata. Matenda awiriwa angathe kukhala mwa munthu mmodzi.

Gawo lachiwiri la kalata ya bambo uja ndi la mankhwala: "Amamwa metifomini 500 mg katatu pa tsiku ndi gilibenkalamaidi 5 mg m'mawa, koma anadukiza mwezi wathunthu atamuthera. Wayambiranso sabata yatha, wamwa komaliza lero 6 koloko. Ali pa ma ARV okhala ndi dolutegiraviya. Anathira mankhwala azitsamba pa chilonda. Talandiritsa lita imodzi ya madzi a mchere a mumtsempha kuyambira 10:00, sefitiriyakizoni 2 g pa 10:15 ndi katemera wa kafumbata. Metifomini taimitsa. Insulini sitinapereke."

Metifomini imaimitsidwa mwa munthu amene watha madzi m'thupi kapena matenda alowa m'magazi, chifukwa impso zikafooka imaunjikana. Dolutegiraviya, amene ali m'ma ARV a anthu ambiri m'Malawi kuyambira 2019, amakwezanso mulingo wa metifomini m'magazi, moti wolandira ayenera kudziwa za onse awiri. Nthawi ya gilibenkalamaidi womaliza imathandiza namwino wa mu ambulansi: wodwala amene sakudya angathe kugwetsa shuga panjira ngakhale ananyamuka uli pamwamba. Kudukiza kwa mwezi uja kukapanda kulembedwa, zimaoneka ngati mapiritsi alephera, pamene zoona n'zakuti sanamwedwe.

Kumapeto kalata inene chimene chikupemphedwa: kugonekedwa, insulini, kuyeza impso, kujambula phazi ndi kuonedwa ndi a opaleshoni. Inenenso zimene wodwala ndi womudikirira auzidwa. Ambiri amamva kuti kutumizidwa ndi chilonda ndiye kukadulidwa mwendo, ndipo ena amabwerera kumudzi kalata ili m'thumba. Apa mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka wa m'mudzi ali ndi ntchito yeniyeni: kufunsa kubanja tsiku lotsatira ngati bamboyo anafikadi ku Balaka, ndi kuonetsetsa kuti sakuyenda pa phazilo ngakhale iye akunena kuti silikupweteka.

Akatuluka, kaya kuchokera ku Balaka kapena ku chipatala chachikulu cha Zomba ngati anapititsidwa kumeneko, a ku Utale amafunika yankho m'buku lomwe lija: mtundu ndi mulingo wa insulini, tsiku lomaliza mankhwala opha tizilombo, katsukidwe ka chilonda ndi tsiku lobwerera ku kiliniki ya shuga.