Kalata yokuitanani ku intavyu yabisala mu Spam: muyankhe bwanji mutachedwa?

Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene wamaliza maphunziro owerengera ndalama. Watumiza makalata ofunsira ntchito m'maofesi angapo, ndipo tsiku lililonse amatsegula imelo pafoni yake kuti aone ngati wina wamuyankha. Lachinayi usiku, pa 7, akufufuza kalata ina, walowa m'chigawo cha imelo cholembedwa Spam. Mmenemo wapeza kalata yochokera ku kampani ina ya ku Blantyre, yotumizidwa Lolemba pa 4. Akumuitana ku intavyu Lachisanu pa 8, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndipo anamupempha kuti atsimikize za kubwera kwake pasanafike Lachitatu madzulo. Tsiku lotsimikizira ladutsa, intavyu ndi mawa.

Zikatero, ena amangogwa ulesi n'kusiya osayankha, poganiza kuti madzi akatayika saoleka. Ena amalemba chikalata chachitali chodandaula za foni, netiweki ndi umphawi wa kwawo. Njira zonse ziwirizi zimataya mwayi umene mwina unali udakalipo. Chimene chimathandiza ndi uthenga waufupi, woona, wotumizidwa nthawi yomweyo, umene umapatsa wolemba ntchito njira yosavuta yonenera kuti bwerani.

Tiyambe tamvetsa chimene chabisa kalatayo, chifukwa chimatiuza zoti tilembe ndi zoti tisalembe. Gmail ndi makampani ena a imelo amasefa makalata onse obwera. Amayang'ana ngati kalata yachokeradi kumene ikunena, ngati yatumizidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi, ndiponso ngati ikufanana ndi makalata amene anthu ena anawadandaula kale. Kalata yoitanira ku intavyu imakodwa mosavuta: imachokera kwa munthu amene simunalemberanepo naye, kawirikawiri mawu ake amakhala amodzimodzi kwa oitanidwa onse, ndipo nthawi zina imatumizidwa ndi makina a kampani, osati ndi munthu. Ikagwera mu Spam foni silira, ndipo Gmail imafufuta yokha kalata imene yakhalamo masiku 30. Choncho nkhani ya Spam ndi yoona ndipo olemba ntchito amaidziwa. Koma amadziwanso kuti chigawocho chili mu imelo yanu, ndipo udindo woyang'anamo ndi wanu.

Musanayankhe, tsimikizani kuti kalatayo ndi yeniyeni, pakuti mu Spam mumagweranso makalata a akuba. Dzifunseni ngati munafunsiradi ntchito kumaloko. Dinani pa dzina la wotumiza kuti muone adiresi yonse, ndipo mbali ya kumapeto kwa chizindikiro cha @ muifananize ndi imene inali pa chilengezo cha ntchito. Ngati kalatayo ikukuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba kuti akusungireni malo, kapena ikupempha nambala yanu yachinsinsi, isiyeni. Intavyu yeniyeni sagulitsa. Ngati zonse zili bwino, dinani Report not spam, kapena Not spam pa kompyuta. Kalatayo ibwerera kwa makalata enawo, ndipo zithandiza kuti yankho lawo lisasocherenso.

Kenako onani kumene yankho lanu likupita. Ngati adiresi yotumizira ili ndi mawu akuti noreply, yankho lanu silifika kwa munthu aliyense. Werengani kalatayo mpaka pansi, mupeze adiresi kapena nambala ya foni imene anaika kuti muyankhireko. Ngati adiresiyo ndi ya munthu kapena ya ofesi, dinani Reply pa kalata yomweyo, musayambe kalata yatsopano ndipo mutu musausinthe. Mukatero, wolandira amaona kalata yake ndi yankho lanu pamodzi, ndipo savutika kufufuza kuti ndinu yani pakati pa anthu onse amene anawaitana.

Tsopano uthenga weniweniwo. Makalata ambiri a ntchito kuno amalembedwa m'Chingerezi, ndipo muyenera kuyankha m'chinenero chimene anakulemberani. Koma kaya ndi chinenero chiti, kaimidwe ka uthengawo n'kamodzimodzi. Mtsikana wa ku Zomba uja angalembe motere:

"Kwa Mkulu woona za antchito, zikomo kwambiri pondiitana ku intavyu ya ntchito ya wothandiza kuwerengera ndalama. Pepani kuti ndayankha mochedwa. Kalata yanu ya Lolemba pa 4 inagwera mu Spam ndipo ndaiona usiku uno, Lachinayi pa 7. Ndinayenera kuyang'anamo msanga. Ntchitoyi ndikuifunabe. Ngati malo anga adakalipo, ndifika mawa Lachisanu nthawi ya 10 koloko m'mawa monga munanenera, ndi zikalata zonse zimene munatchula. Ngati nthawiyo mwapatsa kale wina, ndikhoza kubwera nthawi ina iliyonse mawa kapena Lolemba pa 11. Nambala yanga ya foni ili pansipa."

Pansi pake alembe dzina lake lonse monga liliri pa kalata yofunsira ntchito, nambala ya foni, ndi nambala ya chilengezo ngati inalipo.

Taonani kuti kupepesa kwatenga chiganizo chimodzi, ndipo chifukwa chake chatenga chimodzinso. Akuluakulu amati pepani sapoletsa chilonda. Wolemba ntchito sakusowa kumva chisoni chanu kasanu. Akufuna kudziwa ngati mubwera, ndipo liti. Ali ndi ndandanda ya oitanidwa, ali ndi mabwana amene anawapempha kudzakhala pa gulu lofunsa mafunso, ndipo mwina ali ndi munthu wina amene akuganiza zomuika pa nthawi yanu. Uthenga wabwino umayankha funso lake asanalifunse. N'chifukwa chake mtsikanayu watchula tsiku ndi ola, ndipo waperekanso masiku ena awiri, kuti abwanawo angosankha m'malo moyambanso kukambirana.

Mawu akuti "ndinayenera kuyang'anamo msanga" ndi amene amanyamula uthenga wonse. Popanda mawuwa, nkhani ya Spam imamveka ngati kuzemba mlandu, makamaka poti alipo anthu amene amanamizira Spam pamene anangoiwala kuyankha. Koipitsitsa n'kulemba ngati kuti kampaniyo ndiyo inalakwitsa potumiza, kapena kuwafunsa chifukwa chimene sanakuimbireni foni. Intavyu imayamba ndi uthenga umenewu. Munthu amene akuvomera cholakwa chake mwachidule n'kunena chimene achite akuonetsa kale mmene adzagwirire ntchito zinthu zikadzasokonekera muofesi. Ndipo ngati kalatayo sinali mu Spam, mwangochedwa kuiona chifukwa munalibe bandulo, nenani kuti mwaiona mochedwa basi. Bodza laling'ono pa tsiku loyamba silipindula kanthu.

Palinso zimene ziyenera kutsala kunja. Musatumize chithunzi cha foni yanu chosonyeza kalatayo ili mu Spam ngati sanakupempheni. Umboni wosafunsidwa umaoneka ngati mukukangana ndi munthu amene sanakutsutseni. Musalembemo za mavuto a kunyumba kapena kuti ntchitoyi ndiyo chiyembekezo chanu chomaliza. Musabwerezenso maphunziro anu onse, pakuti anawaona kale, n'chifukwa chake anakuitanani. Koma ngati kalata yawo inapempha zinthu, monga makope a masatifiketi kapena a chiphaso chaunzika, zitumizeni limodzi ndi uthengawu ndipo mutchule kuti mwaziphatikiza, kuti pasakhalenso china chodikira.

Pamene intavyu ili mawa, imelo yokha sikwanira. Mtsikana uja atumize uthengawo usiku womwewo, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo m'mawa ofesi ikangotsegulidwa aimbe foni. Anene dzina lake, ntchito imene anafunsira, kuti watumiza imelo usiku, ndipo afunse ngati angabwerebe pa 10 koloko. Asaimbe usiku, ndipo asatumize mauthenga pa WhatsApp ya munthu amene sanamupatse nambala yake pa cholinga chimenecho. Kuchoka ku Zomba kufika ku Blantyre ndi ulendo woposa ola limodzi pa minibasi, choncho ndi bwino kuti anyamuke m'mamawa n'kuimba ali kale pafupi. Akamuvomera, afika pa nthawi yake. Akamukana, wataya ndalama ya minibasi yokha, ndipo asakakamire pakhomo.

Nanga ngati tsiku la intavyu ladutsa kale? Uthengawo umasintha pang'ono. Simukutsimikizanso za kubwera, mukupempha. Mutatha kuthokoza ndi kupepesa, lembani kuti mukudziwa kuti tsikulo ladutsa ndipo mwina asankha kale munthu, koma ngati sanamalize, mungathokoze atakupatsani mpata, kaya pamaso kaya pafoni, pa tsiku limene iwo angasankhe. Apa tiyenera kunena zoona: mwayi umachepa kwambiri. M'maofesi a boma ndi m'mabungwe akuluakulu, gulu lofunsa mafunso limakhala pa masiku oikika, limalemba zotsatira zake, ndipo kulisonkhanitsanso chifukwa cha munthu mmodzi n'kovuta. M'makampani ang'onoang'ono, mmene mwini wake amafunsa yekha, khomo limatha kutseguka. Zimachitikanso kuti wosankhidwa wakana ntchito, kapena onse amene anabwera sanakwanire, ndipo pamenepo amakumbukira amene analemba mwaulemu.

Ngakhale patapita milungu iwiri kapena itatu, yankhanibe. Pamenepo cholinga chanu n'choyeretsa dzina. Kwa iwo ndinu munthu amene anaitanidwa koma sanabwere, osanena kanthu. Ziganizo zinayi zikhoza kusintha zimenezo: kuthokoza, kupepesa, chifukwa chake, ndi pempho loti akukumbukireni mpata wina ukadzapezeka. Mukatumiza ndipo sanayankhe, dikirani masiku atatu kapena anayi ogwira ntchito, mukumbutse kamodzi mwachidule, kenako musiye. Kukumbutsa kachitatu sikubweretsa ntchito, kumangotopetsa wolandira.

Chotsala ndi kutseka dzenje limene munagweramo. Pa foni, chigawo cha Spam mumachipeza mukadina timizere titatu ta pamwamba kumanzere mu Gmail, n'kutsika m'munsi. Mukhozanso kulemba izi pa malo ofufuzira, kuti Gmail ifufuze paliponse, kuphatikizapo mu Spam:

```
in:anywhere interview
```

Yang'ananinso mu Promotions, chifukwa makalata otumizidwa ndi makina amagweranso mmenemo. Pa kompyuta mukhoza kupanga sefa ya adiresi ya kampani imene mwafunsirako ntchito, n'kuchonga pa Never send it to Spam. Ndipo pa kalata iliyonse yofunsira ntchito, ikani nambala ya foni imene imakhala yoyatsa nthawi zonse.

Inu amene mukufunafuna ntchito, nthawi iliyonse mukatsegula imelo tsegulaninso Spam, m'mawa ndi madzulo. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Ndipo tsiku limene mudzapezemo kalata yokuitanani nthawi itadutsa, musaitseke ndi manyazi. Thokozani, pepesani kamodzi, nenani tsiku limene mungabwere, ndipo tumizani musanagone.